Makina Atsopano Adzabweza Liti Ndalama Zake? Mmene Pempho la Manijala Limawerengedwera

M'makampani ambiri mumachitika zinthu zimene zimasiya anthu akudandaula chamumtima. Manijala wa gawo lina amaona kuti makina amene anyamata ake akugwiritsa ntchito atha, akungofafa, ndipo ntchito ikuchedwa. Amalemba chikalata chopempha akuluakulu kuti agule atsopano. Patapita masiku, chikalatacho chimabwerera kuchokera ku ofesi ya zachuma chili ndi funso limodzi lolembedwa m'mbali: "Kodi makinawa adzabweza liti ndalama?" Manijala amamva ngati sakukhulupiriridwa, chifukwa vutolo amaliona ndi maso tsiku lililonse. A zachuma nawo amaona kuti apemphedwa ndalama zambiri popanda chowatsimikizira kuti zidzabwerera.

Kawirikawiri onse awiri amakhala akunena zoona, kungoti wina akulankhula za ntchito pamene mnzake akulankhula za ndalama. Chowalumikiza ndi masamu a mitundu iwiri. Oyamba ndi oika pa sikelo zonse zimene makinawo adzadye ndi zonse zimene adzabweretse, ndipo akadaulo amawatcha kositi-benefiti. Achiwiri ndi owerengera nthawi imene idzadutse kuti ndalama zogulira zibwerere m'thumba la kampani, ndipo dzina lake ndi peyibaki. Masamu ake ndi kuphatikiza, kuchotsera ndi kugawa basi. Chovuta ndi kusankha manambala oyenera kulowa m'masamuwo.

## Zimene akuluakulu akufuna kudziwa

Chikalata chotere chimalembedwa ndi munthu wa m'kati mwa kampani kupita kwa amene ali ndi mphamvu yotulutsa ndalama, kaya ndi mkulu wa kampani, mkulu wa zachuma kapena bodi. Anthu amenewa sakhala ndi pempho limodzi pa tebulo. Wa magalimoto akufuna lole, wa ku sitolo akufuna denga latsopano, wa makompyuta nayenso ali ndi zake, ndipo thumba ndi limodzi. Choncho funso lawo silikhala lakuti makinawo ndi abwino kapena ayi. Iwo amafuna kudziwa ngati ndalamazo zidzagwire ntchito bwino zikaikidwa pa makinawo kusiyana ndi kuziika pena, kapena kuzisiya kubanki.

Njira yoika mtengo ndi phindu pa sikelo inayambira pa ntchito za boma. Injiniya wa ku France, Jules Dupuit, analemba mu 1844 za mmene angayezere phindu la ntchito zothandiza anthu onse monga misewu ndi milatho. Ku America, lamulo la mu 1936 lokhudza kuteteza anthu ku madzi osefukira linanena kuti boma lilowe pa ntchito zimene phindu lake likuposa mtengo wake. Makampani amagwiritsa ntchito ganizo lomwelo, koma iwo amangowerengera ndalama zolowa ndi zotuluka m'thumba lawo.

Pali lamulo limodzi limene limagwira masamu onsewa. Timayerekeza zinthu ziwiri zokha: mmene ndalama za kampani zidzayendere makina akagulidwa, ndi mmene zidzayendere akapanda kugulidwa. Chimene chikusiyana pakati pa ziwirizi ndicho chimawerengedwa. Chimene chidzakhala chimodzimodzi mbali zonse sichilowa m'masamu, ngakhale chikhale chachikulu bwanji.

## Pempho loyamba: miyezi 18

Tiyerekeze kuti pali fakitale yosoka zovala. Manambala amene nditchule ndi ongopeka kuti tione mmene masamu amayendera, ndipo mutha kuwaika m'ndalama za dziko lililonse. Mayi amene amayang'anira gawo lodula nsalu akupempha makina odulira oyendetsedwa ndi kompyuta, kuti alowe m'malo mwa akale amene munthu amayendetsa ndi manja potsata choko. Kotesheni ya wogulitsa ikuti mtengo wake ndi 48 miliyoni.

Polemba koyamba, mayiwa anaika phindu la pachaka motere. Nsalu yotayika ichepa, ndipo kampani ipulumutsa 9 miliyoni. Ovataimu ya odula nsalu itha, 4 miliyoni. Ndalama zokonzetsera makina akale sizidzatulukanso, 3 miliyoni. Anthu awiri sadzafunikanso pa tebulo lodulira, ndipo malipiro awo onse pamodzi ndi 6 miliyoni. Pomaliza, chifukwa ntchito idzafulumira, kampani idzatha kulandira maoda atsopano a 10 miliyoni. Zonse pamodzi ndi 32 miliyoni pachaka.

Peyibaki imapezeka pogawa ndalama zogulira ndi phindu la pachaka. 48 kugawa ndi 32 ndi chaka ndi theka, kapena kuti miyezi 18. Aliyense woona nambala imeneyi angasaine tsiku lomwelo. Mayiwa sananame pena paliponse, nambala iliyonse ili ndi kumene inachokera. Koma akauntanti wodziwa ntchito yake sangailandire, ndipo zifukwa zake n'zofunika kuzimva bwino.

## Mtengo wa pa kotesheni si mtengo wonse

Makina amayamba kuthandiza pamene ayatsidwa n'kudula nsalu yoyamba yogulitsika. Ndalama iliyonse imene ituluke kufikira tsiku limenelo ndi gawo la mtengo wake. Mayiwa atakhala pansi ndi akauntanti, anapeza kuti mayendedwe, inshuwalansi ya panjira ndi msonkho zidya 6 miliyoni. Makinawo amafuna simenti yosalala bwino pansi, mawaya ena a magetsi komanso katswiri wodzawamanga, ndipo zimenezi ndi 4 miliyoni. Kuphunzitsa anthu ndi 1 miliyoni, masipeya oyamba ndi mipeni yosungira ndi 1 miliyoni. Pa masabata awiri ochotsa makina akale ndi kuika atsopano, nsalu idzadulidwa kwa anthu ena kuti osoka asakhale manja lende, ndipo kumeneko kupita 2 miliyoni. Tikaphatikiza zonsezi pa 48 miliyoni uja, tafika pa 62 miliyoni. Makina akale atha kugulitsidwa pa 2 miliyoni, ndiye mtengo weniweni ndi 60 miliyoni.

Pamsonkhano wotere sipalephera wina wonena kuti, "Koma bwana, chaka chatha chomwechi tinawononga 5 miliyoni kukonzetsa makina akalewa. Tiwataye bwanji?" Mawu amenewa amamveka anzeru, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake amapweteka mtima. Komabe tikabwerera ku lamulo lija, 5 miliyoni imeneyo inapita kale. Kaya makina atsopano agulidwa kaya ayi, siidzabwerera, choncho siisiyanitsa mbali ziwirizo. Madzi akatayika saoleka. Chimene chingawerengedwe n'chakuti kukonzako kunawonjezera zaka zingati pa moyo wa makina akale, chifukwa zimenezo zikukhudza za m'tsogolo.

## Phindu limene limafikadi m'thumba

Apa m'pamene mapempho ambiri amagwera, ndipo tiyenera kuyenda pang'onopang'ono.

Tiyambe ndi nsalu. Fakitaleyi imagula nsalu ya 150 miliyoni pachaka, ndipo 12 peresenti imathera m'zidutswa zotaya. Kabuku ka wogulitsa kakuti makina ake amatsitsa zotayazo kufika pa 6 peresenti, ndipo n'kumene kunachokera 9 miliyoni ija. Koma nambala ya m'kabuku imapezeka pa nsalu yosavuta, mapatani osankhidwa bwino ndi munthu amene wazolowera makinawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mayiwa anatenga mapatani awo enieni, kuphatikizapo a nsalu ya mizeremizere imene imafuna kuti mizere ikumane pa msoko, n'kupempha wogulitsa kuti awayale pa kompyuta iwo akuona. Zotaya zinatsika kufika pa 8 peresenti. Kusiyana kwa 4 peresenti pa 150 miliyoni ndi 6 miliyoni. Nambala imeneyi ndi yocheperapo, koma ili ndi umboni umene angauike kumapeto kwa chikalata.

Ovataimu ya 4 miliyoni ndi zokonzetsa za 3 miliyoni zinatsala mmene zinalili, chifukwa zikuoneka m'mabuku a malipiro ndi m'malisiti a zaka zitatu zapitazi. Kutenga zaka zingapo n'kofunika. Munthu akangotenga chaka chimodzi chimene makina anavuta kwambiri, amakuza phindu mosadziwa.

Tsopano nkhani ya anthu awiri aja. Akauntanti anafunsa mwaulemu kuti, "Mayi, anthu awiriwa akupita kuti?" Yankho linali lakuti palibe amene achotsedwe ntchito. Mmodzi apita ku gawo losita, kumene kunali malo opanda munthu ndipo kampani inali itatsala pang'ono kulemba wina. Winayo azithandiza apa ndi apo. Kwa woyambayo, kampani yapulumutsadi malipiro a munthu amene ikanalemba, 3 miliyoni. Kwa wachiwiriyo, malipiro azituluka mwezi ndi mwezi ngati kale, choncho palibe chimene chapulumutsidwa. N'zoona kuti nthawi yake yamasuka ndipo ingagwire ntchito ina yabwino, koma nthawi yomasuka imasanduka ndalama pokhapokha ikachotsa malipiro ena kapena ikabweretsa malonda ena. Mukaona chikalata chimene chachulukitsa maola opulumutsidwa ndi malipiro a pa ola n'kutcha zimenezo phindu, funsani kuti ndi cheke chiti chimene sichidzalembedwanso.

Maoda atsopano a 10 miliyoni nawo ali ndi vuto lawo. Imeneyo ndi ndalama yonse imene makasitomala adzalipire, koma kuti zovalazo zisokedwe pafunika nsalu, ulusi, mabatani, osoka ndi mayendedwe, zimene zidya 7 miliyoni. Chotsala ndi 3 miliyoni, ndipo n'chimene chimalowa m'masamu. Palinso funso lina limene wodziwa fakitale amafunsa: kodi chimene chimachedwetsa ntchito ndi tebulo lodulira? Ngati osoka ali kale pa mapeto a mphamvu zawo, kudula mofulumira kungounjika milu ya nsalu yodulidwa pakona, ndipo palibe chovala chowonjezera chimene chidzatuluke pageti. M'chitsanzo chathu, mabuku akuonetsa kuti osoka amadikira nsalu pafupifupi m'mawa uliwonse, ndipo pali makalata a makasitomala amene maoda awo anakanidwa. Chifukwa cha zimenezi 3 miliyoni ija inaloledwa.

Tikaphatikiza 6, 4, 3, 3 ndi 3, tikupeza 19 miliyoni. Koma makina atsopano nawonso amadya. Mgwirizano wa sevisi ndi 2 miliyoni pachaka, mipeni ndi laisensi ya pulogalamu ya kompyuta ndi 1 miliyoni, magetsi owonjezera ndi 1 miliyoni. Tikachotsa 4 miliyoni imeneyi, phindu lenileni ndi 15 miliyoni pachaka.

Tsopano 60 kugawa ndi 15 ndi zaka 4. Makina ndi omwewo, fakitale ndi yomweyo, koma miyezi 18 yasanduka miyezi 48.

## Chaka choyamba sichifanana ndi zinzake

Kugawa kotere kumagwira ntchito ngati phindu likubwera lofanana chaka chilichonse, zimene sizichitika kawirikawiri. M'miyezi yoyamba anthu amakhala akuphunzira, amalakwitsa, mapatani akale amafunika kulowetsedwa m'kompyuta limodzilimodzi, ndipo makasitomala atsopano sabwera tsiku limodzi. Tinene kuti chaka choyamba chibweretsa 9 miliyoni yokha, ndipo 15 miliyoni iyamba m'chaka chachiwiri.

Zikatere timawerengera ngati munthu amene akubweza ngongole pang'onopang'ono. Tayamba ndi dzenje la 60. Chaka choyamba chikatha latsala 51, chachiwiri 36, chachitatu 21, chachinayi 6. M'chaka chachisanu mubwera 15, koma tikungofuna 6 yokha kuti dzenje likwiririke. 6 kugawa ndi 15 ndi 0.4 ya chaka, pafupifupi miyezi 5. Choncho peyibaki ndi zaka 4 ndi miyezi 5.

Kodi imeneyi ndi nthawi yabwino? Nambalayo payokha siingayankhe. Imafunika kuikidwa pafupi ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi malire amene kampaniyo inadziikira, chifukwa makampani ambiri ali ndi lamulo lawolawo lakuti chogula chibweze ndalama pasanathe zaka zakutizakuti, ndipo manijala ayenera kufunsa malirewo asanayambe kulemba. Chachiwiri ndi moyo wa makinawo. Ngati akuyembekezeka kugwira ntchito zaka 8, ndiye kuti kwatsala zaka zitatu ndi theka zokolola. Akanakhala a zaka 5, kampani ikanangobweza ndalama zake n'kuyambanso kufunafuna ena.

## Zimene peyibaki siiona

Peyibaki imakondedwa chifukwa aliyense amaimva msanga, ndipo imayankha funso lenileni: ndalama zathu zikhala panja kwa nthawi yaitali bwanji? Kwa kampani imene ili ndi ndalama zochepa m'manja, kapena imene ikugula zipangizo zimene zimatha fasho msanga, funso limeneli ndi lalikulu. Koma peyibaki imatseka maso tsiku limene ndalama zabwerera, ndipo chilichonse chochitika pambuyo pake siichiwerengera.

Tiyerekeze kuti pali makina ena ogwiritsidwapo kale ntchito, amene zonse pamodzi adya 30 miliyoni, azibweretsa 10 miliyoni pachaka, ndipo akhala zaka 4. Peyibaki yawo ndi zaka 3, ndiye pa muyeso umenewu apambana. Koma pa moyo wawo wonse abweretsa 40 miliyoni, ndipo tikachotsa 30 kwatsala 10 miliyoni. Ngakhale kampani itagulanso ena ofanana nawo kuti ikwanitse zaka 8, yapeza 20 miliyoni. Makina atsopano aja pa zaka 8 abweretsa 9 kuphatikiza 15 kasanu n'kawiri, zimene ndi 114 miliyoni, ndipo tikachotsa 60 kwatsala 54 miliyoni. Zili ngati mitengo iwiri, wina wobereka msanga n'kuuma msanga, wina wochedwa koma wobereka zaka zambiri. Wosankha ayenera kudziwa kuti akusankha pakati pa kubweza msanga ndi kupeza zambiri, ndipo yankho limadalira mmene thumba la kampani lilili. Imene ikuvutika kulipira anthu kumapeto kwa mwezi ingachite bwino kutenga otchipawo, ngakhale ikudziwa kuti ikusiya phindu lalikulu.

Apa m'pamene kositi-benefiti imaposa peyibaki, chifukwa imayang'ana moyo wonse wa makina. Ena amailemba ngati kuchotsera, monga tachitira pa 114 ndi 60. Ena amagawa phindu ndi mtengo, 114 kugawa ndi 60, n'kupeza 1.9, kutanthauza kuti pa ndalama imodzi iliyonse yoikidwa pabwerera pafupifupi ziwiri. Nambala ikakhala pansi pa 1, makinawo akudya zambiri kuposa zimene akubweretsa.

## Ndalama ya lero ndi ya zaka 8 zikubwerazo

Pali china chimene tabisa mpaka pano. Taphatikiza 15 miliyoni ya chaka chachiwiri ndi 15 miliyoni ya chaka chachisanu n'chitatu ngati n'zofanana, pamene 60 miliyoni ikutuluka lero. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndalama imene ili m'manja lero itha kuikidwa kubanki n'kubereka chiwongoladzanja, kapena kubweza ngongole imene ikudya chiwongoladzanja. Ya m'tsogolo siingachite zimenezo, ndipo mwinanso siingabwere n'komwe.

Pofuna kukonza zimenezi, a zachuma amatsitsa ndalama za m'tsogolo kuti zifanane ndi za lero. Ngati ndalama za kampani zimayenera kubereka 10 peresenti pachaka, ndiye kuti 100 ya lero ndi 110 chaka chamawa. Tikatembenuza, ndalama ya chaka chamawa timaigawa ndi 1.1, ya chaka chachiwiri timaigawa ndi 1.1 kawiri, ndipo timapitiriza choncho. Pa makina athu, 9 ya chaka choyamba isanduka 8.2, ndipo ma 15 otsatirawo asanduka 12.4, 11.3, 10.2, 9.3, 8.5, 7.7 ndi 7.0. Zonse pamodzi ndi 74.6 miliyoni. Tikachotsa 60, phindu lija la 54 miliyoni latsika kufika pa 14.6 miliyoni, ndipo dzenje likukwiririka patangodutsa zaka 6, osati 4 ndi miyezi 5.

Amene amagwiritsa ntchito Excel safunika kuchita zonsezi pamanja. Ngati phindu la zaka 8 lalembedwa kuyambira B2 mpaka B9, amalemba motere:

```
=NPV(10%,B2:B9)-60
```

Onetsetsani kuti 60 ili panja pa mabulaketi. Excel imatenga nambala yoyamba ya m'katimo ngati ya kumapeto kwa chaka choyamba, choncho mukaika mtengo wogulira m'kati, nawonso utsitsidwa ngati kuti ulipidwa chaka chamawa, ndipo yankho lituluka lolakwika.

Chinthu chimene chimadabwitsa ambiri ndi mphamvu ya peresenti imeneyi. Tikabwereza masamu omwewo pa 20 peresenti, monga zingakhalire ngati makinawo akugulidwa ndi ngongole yodula, phindu la zaka 8 likhala pafupifupi 52.6 miliyoni, zimene sizikufika pa 60. Makina amene amaoneka opindulitsa pa 10 peresenti akuluza pa 20. N'chifukwa chake manijala sayenera kudzisankhira peresenti imene ikukometsa pempho lake. Aifunse ku ofesi ya zachuma, n'kulemba m'chikalata kuti waitenga kumeneko. Afunsenso ngati peresentiyo ikuphatikiza kukwera mitengo kwa zinthu. Ngati ikuphatikiza, ndiye kuti manambala a phindu nawonso ayenera kukwezedwa chaka ndi chaka, apo ayi makinawo aweruzidwa mowapondereza.

Pa nkhani ya kutha mphamvu kwa makina kumene ma akauntanti amalemba m'mabuku chaka ndi chaka, tingonena mwachidule kuti sikulowa m'masamu a peyibaki. Palibe ndalama imene imatuluka chifukwa cha kulembako, ndipo mtengo wa makina tauwerengera kale wonse pa tsiku loyamba. Kuuchotsanso chaka ndi chaka n'kuwerengera kawiri. Kumene kumakhudza ndalama zenizeni ndi pa msonkho, ndipo malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko, choncho gawo limenelo ndi la akauntanti.

## Nanga zikapanda kuyenda monga taganizira?

Nambala iliyonse ya m'tsogolo ndi yongoyerekeza. Chikalata chabwino chimavomereza zimenezi poyera, n'kuonetsa chimene chingachitike manambala akuluakulu akasintha. Njira yake ndi yosintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Ngati zotaya zitangotsika kufika pa 10 peresenti m'malo mwa 8, phindu la nsalu likhala 3 miliyoni, la pachaka litsika kufika pa 12, ndipo 60 kugawa ndi 12 ndi zaka 5. Ngati pamwamba pa zimenezo maoda atsopano sabwera, latsala 9 pachaka, ndipo peyibaki ikufika pa zaka 6 ndi miyezi 8, pafupi kwambiri ndi mapeto a moyo wa makinawo.

Masamu amenewa amaonetsa pamene pempho laimira. Apa laimira pa nsalu. Podziwa zimenezi, kampani itha kupempha wogulitsa kuti alembe mu mgwirizano kuti gawo lomaliza la malipiro lidzaperekedwa makina akaonetsa 8 peresenti pa mapatani a fakitaleyo. Wogulitsa amene akukana zimenezi wakuuzani kanthu kena kokhudza nambala zake.

Mbali ina imene imaiwalika ndi ya kusagula. Anthu amaganiza kuti kusagula n'kukhala pamene tili, koma makina okalamba sakhala pamodzimodzi. Ngati zokonzetsa zikukwera chaka ndi chaka, kapena masipeya ake anasiya kupangidwa, zimenezo ziyenera kulembedwa ndi umboni wake, chifukwa zikukulitsa kusiyana kwa mbali ziwiri zija.

Palinso zinthu zimene sizilola kusandutsidwa ndalama mosavuta. Mpeni wa makina akale uli poyera ndipo zala za odula zimadutsa pafupi nawo tsiku lonse. Makina atsopano amadula mofanana, kotero osoka savutika kulumikiza zidutswa. Ine ndimaona kuti n'kulakwa kupeka nambala ya zinthu zoterezi n'cholinga chokometsa masamu, ndipo n'kulakwanso kuzisiya ngati kulibe. Zilembedwe pazokha m'mawu omveka, pamodzi ndi zimene mabuku akuonetsa, monga kuchuluka kwa ngozi zimene zinalembedwa ndi zovala zimene makasitomala anabweza. Ndipo ngati makina akale akuphwanya lamulo la chitetezo cha ogwira ntchito, funso la peyibaki lasintha. Kusagula sikulinso pa mndandanda, ndipo masamu akungothandiza kusankha njira yotchipa yokonzera vutolo.

## Mmene chikalatacho chimaonekera chikakonzedwa

Chikalata chachiwiri cha mayiwa chinayamba ndi ndime imodzi imene bwana wotanganidwa angawerenge ataimirira. Inati akupempha 60 miliyoni yogulira ndi kuika makina odulira nsalu, kuti phindu likuyembekezeka kukhala 15 miliyoni pachaka kuyambira chaka chachiwiri, kuti ndalama zibwerera pa zaka 4 ndi miyezi 5, ndiponso kuti zinthu zikavuta zitha kufika zaka pafupifupi 7. Pambuyo pake panabwera vuto lenileni ndi manambala a m'mabuku, kenako njira zitatu zimene zinaganiziridwa, zimene ndi kupitiriza ndi makina akale, kugula ogwiritsidwapo kale ntchito ndi kugula atsopano. Masamu a njira iliyonse anaikidwa pa tebulo limodzi, ndipo pafupi ndi nambala iliyonse panalembedwa kumene yachokera. Makotesheni a ogulitsa angapo, zotsatira za kuyesa mapatani ndi makalata a makasitomala zinaikidwa kumapeto.

Anawonjezeranso kandime kamene mapempho ambiri sakhala nako. Analemba kuti miyezi 12 ikadutsa makina atayamba ntchito, adzabweretsa lipoti loonetsa peresenti ya nsalu yotayika, maola a ovataimu ndi ndalama za sevisi, kuziyerekeza ndi zimene analonjeza. Kuti zimenezi zitheke, anayamba kuyeza zidutswa zotaya pa sikelo sabata iliyonse makina akale akadalipo, chifukwa popanda muyeso wa kale palibe chodzayerekeza nacho.

Akuluakulu atha kuvomera kapena kukana chikalata chimenechi, ndipo zonse ziwiri zingakhale zomveka. Ngati malire a kampani ndi zaka 5 ndipo ndalama zake zimayenera kubereka 10 peresenti, makina atsopano adutsa. Ngati malire ndi zaka 3, adutsa ndi ogwiritsidwapo kale ntchito aja. Koma ngati ndalama zogulira ndi za ngongole ya 20 peresenti, atsopano sadutsa, ndipo ogwiritsidwapo kale aja nawonso sadutsa: 10 miliyoni pachaka kwa zaka 4 ikutsika kufika pa 25.9 miliyoni, pansi pa 30 miliyoni imene adya.